Za Ndimu ndi Chidulo

Ku Mwanza, m'dziko la Mfumu Nthache, mwana ali yense adziwa kukoma kwa nachesi ndi kuwawasa kwa ndimu, pakuti boma limenelo litchuka ndi zipatso zotere. Adziwanso chidulo, chimene amai ache amatcheza ndi phulusa pofuna kuphika therere. Koma si ana ambiri amene adziwa kuti ndimu ndi chidulo ndiwo adani, ndi kuti zinthu zambiri za m'nyumba ziri pa mbali ya ndimu kapena pa mbali ya chidulo. Anthu ophunzira amatcha mbali ya ndimu asidi, ndipo mbali ya chidulo amaitcha besi.

Maina amenewa amveka achilendo, koma tanthauzo lache ndi la kumudzi. Dzina lakuti asidi linachokera ku mau a Chilatini onena za chinthu chowawasa. Besi imene isungunuka m'madzi iri ndi dzina linanso, ndilo alikali, ndipo ilo linachokera ku mau a Chiarabu onena za phulusa la zomera. Kotero mai wa kwa Nthache, potentha zitsononkho za chimanga, naika phulusa lache mu mphika woboola pansi, nathirapo madzi kuti adonthere m'mbale, achita ntchito yomweyo imene inabala dzina la alikali kale lomwe.

Asidi za m'zakudya zimawawasa. Ndimu, bwemba, malambe, vinega ndi chambiko, zonsezi ziri pa mbali imodzi. Besi imamveka yowawa pa lilime, ndipo imaterera pa zala monga sopo. Ziwirizi zikakomana zithetsana mphamvu. Munthu akafinyira ndimu pa soda wophikira, pamatuluka thovu ndi phokoso laling'ono, pakuti mpweya uli kuthawa. Ndipo thovulo likatha, madzi otsalawo sawawasanso monga poyamba.

Komatu lilime siliri woweruza wabwino. Limanyengeka ndi shuga, silidziwa kuwerenga, ndipo ziripo zinthu zina m'nyumba zimene munthu akalawa kamodzi kokha apsa m'kamwa ndi kum'mero. Chifukwa chache panafunika muyeso wosadalira lilime. Muyesowo anaupeza ndi Søren Sørensen, munthu wa ku Denmark, m'chaka cha 1909, pamene analikugwira ntchito m'nyumba yofufuzira ya Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen. Dzina lache la muyesowo lilembedwa ndi zilembo ziwiri, choyamba chaching'ono, chachiwiri chachikuru: pH.

Muyeso wa pH ufanana ndi njira yoongoka yokhala ndi miyala yolembedwa manambala, kuyambira 0 kulekeza 14. Pakati penipeni pali mwala wa 7, ndipo pamenepo pakhala madzi oyera opanda kanthu kena kali konse. Chinthu chiri chonse chimene nambala yache ichepera 7 ndicho asidi. Chimene nambala yache iposa 7 ndicho besi. Chimene chiri pa 7 sichiri asidi, sichiri besi, chiri pakati. Lamulo lonse ndi lomweli, ndipo mwana aliloweza tsiku limodzi. Koma kuloweza lamulo ndi kuligwiritsa bwino ndizo zinthu ziwiri, monga zioneka pa nkhani ya mtsikana wina wa sukulu ya kumudzi.

Mtsikanayo analandira pepala la mafunso. Pamwamba pache panajambulidwa njira ija ya manambala, ndipo pansi panali maina a zinthu khumi, chiri chonse ndi nambala yache: madzi a ndimu 2, vinega 3, madzi a nachesi 4, chambiko 4.5, mkaka wa lero 6.5, madzi a mchere 7, soda wophikira 8, madzi a sopo 10, chidulo 11, ndi madzi a laimu wopaka nyumba 12. Ntchito yache inali kulemba dzina liri lonse m'chipinda chache mwa zipinda zitatu, cha asidi, cha pakati, ndi cha besi. Ndipo pomaliza anayenera kuyankha mafunso awiri.

Ndimu ndi vinega sizinambvuta. Anazilemba m'chipinda cha asidi, osayang'ana ndi manambala omwe, popeza anadziwa kuwawasa kwache. Chambikonso anachilemba momwemo. Koma pofika pa nachesi anaima. Anati mumtima mwache, nachesi wakupsa bwino atsekemera, tsono akhala bwanji mbale wache wa ndimu? Ndipo analemba nachesi m'chipinda cha pakati.

Apa ndipo analakwa koyamba. Nambala ya nachesi ndiyo 4, ndipo 4 ichepera 7. M'nachesi muli asidi yemweyo amene ali m'ndimu, koma wochepa. Ndipo mulinso shuga wambiri amene abisa kuwawasako. Shuga sachotsa asidi. Munthu angathe kuthira masupuni atatu a shuga m'madzi a ndimu, namwa mokondwa, koma nambala ya madziwo ikhalabe pafupi pomwe inali. Shuga anyenga lilime lokha. Chomwechonso mkaka wa lero, umene suwawasa konse, uli pa 6.5, ndiko kuti uli pa mbali ya asidi pang'ono pokha. Mkakawo ukagona, tizilombo tosaoneka ndi maso tidya shuga wa mumkaka nitipanga asidi, ndipo nambala itsika kufikira pafupi ndi 4.5, pamenepo mkaka uundana nusanduka chambiko. Kotero chinthu chimodzi chikhoza kuyenda pa njira ija, lero pa mwala uwu, mawa pa mwala wina.

Kulakwa kwachiwiri kunali pa mchere. Mtsikanayo anakumbukira mmene mchere uwawira ukagwa pa chilonda, nati, chinthu choluma chotere ndicho asidi ndithu. Koma nambala ya madzi a mchere ndiyo 7. Mchere wa pa ndiwo uli pakati, pamodzi ndi madzi oyera ndi madzi a shuga. Ndipo mpoyenera kuti ukhale pamenepo, pakuti mchere wotere ndiwo umene utsala pamene asidi wina wamphamvu ndi besi ina yamphamvu zathetsana. Kuwawa kwa pa chilonda sikunena kanthu za pH.

Soda, sopo, chidulo ndi laimu anazilemba bwino m'chipinda cha besi. Tsono anafika pa funso loyamba, lakuti, mwa zinthu khumizi asidi woposa onse ndi uti? Anayang'ana m'chipinda chache cha asidi, nafuna nambala yaikuru, nalemba chambiko. Kulakwa kumeneku ndiko kofala koposa, ndipo mwana sayenera kusekedwa nako, pakuti chiyambire kalasi yoyamba waphunzira kuti 5 iposa 2. Koma pa muyeso wa pH mphamvu siwerengedwa kuchokera pa 0. Iwerengedwa kuchokera pa 7. Munthu woima pa mwala wa pakati akayenda kunka ku 0, asidi ankira kukula. Akayenda kunka ku 14, besi inkira kukula. Chambiko chiri miyala iwiri ndi theka kuchokera pakati, koma ndimu ali miyala isanu. Yankho loona ndilo ndimu. Ndipo pa mbali inayo choposa zonse ndicho laimu, amene ali miyala isanu kuchokera pakati, pamene soda wophikira ali mwala umodzi wokha.

Funso lachiwiri linali lakuya. Linati, ndimu ali pa 2 ndipo nachesi ali pa 4. Kodi ndimu aposa nachesi kangati? Mtsikanayo analemba kuti kawiri. Ambiri akadalemba chomwecho, koma yankho ndilo ka 100.

Chifukwa chache nchotere. Chimene muyeso wa pH uwerenga ndicho kuchuruka kwa tinthu tating'onoting'ono ta haidrojeni timene asidi amasula m'madzi. Ophunzira atilemba H⁺. Tinthuto tikachuruka, nambala itsika. Ndipo mwala uli wonse usiyana ndi unzache kakhumi, monga manambala a m'masamu asiyana pa maumodzi, makumi ndi mazana. Dontho la madzi a pa 3 liri ndi tinthu tija tochuruka kakhumi kuposa dontho la pa 4. Dontho la pa 2 liposanso la pa 3 kakhumi. Tsono kuchokera pa 4 kufika pa 2 ndiko khumi kuchurukitsa ndi khumi, ndiyo 100. Kuchokera pa 7 kufika pa 2 pali miyala isanu, ndipo 10 × 10 × 10 × 10 × 10 ndiyo 100,000. Dontho la ndimu liposa dontho la madzi oyera kotere. Nambala zazing'ono za pa pepala zija zisenza katundu wamkuru.

Mwana wochenjera akhoza kufunsa kuti, kodi munthu akathira madzi ambirimbiri m'madzi a ndimu, nambala ikwera kufikira ndimuyo asanduke besi? Iai. Madzi oyera ali pa 7, ndipo chimene angathe ndicho kukokera zinthu pafupi ndi mwala wao. Ndimu wosungunulidwa akwera kunka ku 3, ku 4, ku 5, koma sadzalumpha 7, ngakhale athiridwe mtsuko wonse wa madzi oyera. Chidulo chosungunulidwa chitsika kunka ku 10, ku 9, koma sichidzasanduka asidi. Chokhoza kuolotsa asidi pa mwala wa pakati ndicho besi, ndipo chokhoza kuolotsa besi ndicho asidi.

Nkoyenera kudziwanso kuti manambala a pa pepala la mafunso ndi oyerekeza. Nachesi wosapsa ali pansi pa nachesi wakupsa. Chidulo choyamba kudontha chiri ndi mphamvu koposa chotsiriza, ndipo phulusa la zitsononkho silifanana kwenikweni ndi phulusa la nkhuni. Kotero chidulo china chikhala pa 10, china chifika pa 12. Ngakhale madzi akumwa sakhala pa 7 penipeni masiku onse. Madzi a mvula, ngakhale ogwa kumene kulibe utsi, ali pafupi ndi 5.6, popeza amwa mpweya wina wa mumlengalenga umene uwasandutsa asidi wofooka. Ndipo madzi a m'chitsime chokumbidwa pa miyala ya laimu apitirira 7 pang'ono. Buku lina likalemba vinega pa 2.5 ndipo lina pa 3, palibe lonama. Chipinda cha vinega sichisintha.

Nanga manambalawo apezeka bwanji? M'sukulu zokhala ndi zipangizo muli timapepala tonyikidwa mu mankhwala osintha mtundu. Pepala la litimasi linena mbali yokha: labuluu lifiira likakhudza asidi, lofiira lisanduka labuluu likakhudza besi. Pali pepala lina loposa, limene lionetsa mitundu yambiri, ndipo lidza ndi khadi lache loyerekezera. Pa asidi wamphamvu lifiira; pa asidi wofooka likhala lachikasu; pa 7 libiriwira monga msipu; pa besi likhala labuluu; ndipo pa besi yamphamvu lifanana ndi khungu la mabiringanya. Woyesa anyika nsonga ya pepala m'madziwo, naliika pambali pa khadi, nawerenga nambala ya mtundu wofanana nalo.

Kumene kulibe mapepala otere, munda uthandiza. Chidede chiri ndi makoko ofiira okuta chipatso chache, ndipo kufiira kwa makokowo kusintha kukakomana ndi besi. Munthu atenga makoko odzaza dzanja, nawaika m'kapu ya madzi otentha, nadikira kufikira azizire. Pamenepo asefa ndi kansaru koyera, naonjezerapo madzi ena kufikira kufiirako kupepuke, kuti kuwala kupyole. Tsono athira masupuni awiri a madziwo m'mbale zoyera zinai, ndipo imodzi aisiya yosakhudza, kuti ikhale mboni ya mtundu woyamba. M'mbale yachiwiri afinyira ndimu, ndipo kufiira kuwala koposa kale. M'mbale yachitatu athira madzi a soda pang'onopang'ono, ndipo kufiira kuzirala, madzi nada monga mtambo wa mvula. M'mbale yachinai athira chidulo, ndipo madzi aja ofiira asanduka obiriwira moderapo. Ana oona ichi koyamba amakuwa, ndipo nkosadabwitsa.

Koma chidede chiri ndi malire ache. Icho chomwe nchowawasa, ndiko kuti madzi ache ndi asidi kale. Chifukwa chache chigwira besi msanga, koma sichisiyanitsa bwino asidi ndi chinthu cha pakati; madzi a mchere achisiya chofiira, ndipo vinega achisiyanso chofiira. Ndiponso dontho limodzi la soda silikwanira kutembenuza mtundu, pakuti liyamba lathetsana ndi asidi wa chidedecho. Woyesa wopupuluma anena kuti soda sali besi, pamene akadaonjeza supuni imodzi akadaona. Chidede sichitchula nambala; chinena mbali yokha, ndipo mbali imodziyo chiinena momveka koposa inzache.

Pali misampha inanso imene igwira ngakhale wokhala ndi pepala labwino. Phulusa louma likaikidwa pa pepala louma, palibe chichitika, pakuti pH ndiwo muyeso wa zinthu zosungunuka m'madzi. Phulusalo liyambe lanyikidwa. Supuni imene yachokera m'chidulo ikalowa m'mkaka yosatsukidwa, mkaka uoneka ngati besi, ndipo wonama ndiye supuni. Mafuta ophikira ndi parafini sizisakanizika ndi madzi, ndipo ziribe nambala pa muyeso umenewu. Mwana akazipeza pa pepala la mafunso asaziike pa 7 chifukwa chakuti pepala loyesera silinasinthe. Kusayankha sikuli kuvomera.

Ku khitchini nzeru imeneyi ioneka tsiku ndi tsiku. Chidulo chifewetsa therere ndi masamba okhwima chifukwa besi imasula zomangira za m'tsamba, ndipo ndiwo zipsa msanga, nkhuni nizitsala. Koma besi yomweyo iononga zina za zakudya zofunika m'thupi, makamaka vitamini C ndi vitamini B1. Chidulo kapena soda zikachuruka, ndiwo ziwawa nizimveka ngati sopo, ndipo ubwino wache wina watha. Mai wodziwa kuphika athira pang'ono. Zala zache zikaterera ndi chidulo, ndiko kuti besi yayamba kudya mafuta a pa khungu, ndipo achita bwino kusamba m'manja.

Tsono pali zinthu zina zimene zikhala ku malekezero a njira ija, ndipo izo ndizo chifukwa chachikuru chophunzirira muyesowu. Madzi a m'batire ya galimoto, kapena batire yosungira magetsi a dzuwa, ali pansi pa 1. Aboola nsaru natentha khungu. Soda wopangira sopo, amene atchedwa kositiki, akasungunuka afika pa 13 kapena 14. Ambiri aganiza kuti choopsa ndi asidi yekha, ndi kuti besi ndiyo yofatsa popeza sopo ndi besi. Maganizo amenewo apweteka anthu. Besi yamphamvu itentha mnofu monga asidi wamphamvu, ndipo m'diso ilowa mozama koposa. Dzina limodzi la soda likhala pa zinthu ziwiri: wophikira ali pa 8, kositiki ali pa 13 kapena kuposa, ndiko kusiyana kwa miyala isanu, ka 100,000. Zonse ziwiri nzoyera, ndipo kositiki wosungidwa m'chitini chopanda dzina pafupi ndi mchere ndiye msampha wa mwana wamng'ono. Momwemonso madzi a m'batire osungidwa m'botolo la chakumwa.

Wophunzira amene waona ndimu ndi soda zikuthetsana akhoza kuganiza kuti munthu wakumwa kositiki apatsidwe vinega, kapena wopsa ndi madzi a m'batire apakidwe chidulo. Asatero. Asidi ndi besi zamphamvu pothetsana zitulutsa kutentha, ndipo chilonda chikula. Mankhwala oyamba ndiwo madzi. Khungu kapena diso litsukidwe ndi madzi ambiri oyenda, kosalekeza, mphindi 20 kapena kuposa, ndipo chobvala chonyowa chibvulidwe. Wakumwayo asamsanzitse, pakuti chinthucho chitentha kum'mero kawiri, potsika ndi pokwera. Atsuke m'kamwa, ndipo anyamulidwe msanga kunka ku chipatala, pamodzi ndi chitini kapena botolo lija, kuti sing'anga adziwe chimene chamwedwa.

Chotsiriza ndicho bulichi, madzi aja onunkha oyeretsera nsaru ndi zimbudzi. Iye ndi besi, ndipo nambala yache ikhala pakati pa 11 ndi 13. Koma pepala loyesera likanyikidwamo lionetsa mtundu wa besi kamphindi kochepa, kenaka liyera mbuu, popeza ntchito ya bulichi ndiyo kufafaniza mitundu. Ndipo madzi a chidede achita chomwecho. Woyesa wochedwa kuyang'ana apeza pepala loyera, nayesa kuti chinthucho chiribe mphamvu. Pa pepala la mafunso bulichi alembedwa m'chipinda cha besi, pafupi ndi laimu. Ndipo iye yekha asayesedwe ndi ndimu kapena vinega pofuna kuona thovu, pakuti bulichi akakomana ndi asidi atulutsa mpweya wa klorini, umene utsamwitsa nupweteka mapapo. Zikasakanizika mwangozi, onse aturuke panja, zitseko ndi mazenera zitsegulidwe, ndipo munthu asalowenso kufikira fungo litatha.